Fulashi Ikakana pa Kompyuta: Zimene Timanena ndi Zimene Zimachitikadi

Pa Ulongwe, likulu la boma la Angonia, fulashi imayenda kwambiri kuposa mwiniwake. M'mawa imakhala pa laputopu ya mphunzitsi, masana ili pamalo ochitira fotokope, madzulo ikuyimba nyimbo m'galimoto yopita ku Domwe kapena kuchipata cha Kalomwe. Ophunzira za ulimi a pa Yunivesite ya Zambezi amasungamo zolemba zawo, alembi a magulu a alimi a mbatatesi ndi fodya amasungamo mayina ndi ngongole za mamembala. Ena amayitcha fulashi, ena peni potengera Chipwitikizi. Tsiku limene yakana, mawu amakhala amodzi kwa onse: "Siikuwerenga."

Mawu amenewa amabisa matenda atatu osiyana. Pena magetsi safika n'komwe m'fulashimo. Pena magetsi amafika koma fulashi ndi kompyuta zimalephera kulankhulana. Penanso zimalankhulana bwinobwino, kompyuta yaiona ndipo ikudziwa kukula kwake, koma ikulephera kukuonetsani mafayilo. Zikhulupiriro zambiri zimene ndimamva zimachokera posasiyanitsa matenda atatuwa, ndipo china mwa izo chafafanizitsa ntchito za anthu zimene zikadapulumuka.

"Kanyali kakuyaka, ndiye kuti bowo lili bwino"

Chikhulupiriro ichi chimamveka chanzeru, koma kuti tichione bwino tiyenera kusuzumira m'kamwa mwa fulashi. Mukayang'ana mkati mwa chitsulo chake muona timizere tinayi tonga golide. Tiwiri ta m'mbali timanyamula magetsi: kena kamabweretsa mavoti 5, kena kamabweza. Tiwiri tapakati ndi timene timanyamula uthenga. Mukayang'anitsitsa muonanso kuti ta m'mbalito n'totalikirapo. Anatipanga dala choncho kuti magetsi azifika kaye uthenga usanayambe kuyenda.

Zotsatira zake n'zakuti fulashi imene siinalowe mpaka kumapeto, kapena imene ili m'bowo lolemberera, ingalandire magetsi koma timizere ta uthenga tisanagundane ndi tinzake. Kanyali kangayake, foni ingachajidwe pabowo lomwelo, koma kompyuta n'kukhala chete. Kuyaka kwa nyali kumangochitira umboni magetsi basi. Umboni wa uthenga ndi kaphokoso kamene Windows imaliza mukalowetsa chinthu. Chifukwa chake, musanachite china chilichonse, kwezani voliyumu, lowetsani fulashi, ndipo mvetserani. Mukamva kulira kamodzi, kompyuta yazindikira kuti kwabwera chinthu. Kukakhala zii, vuto lili pa magetsi kapena pa kugundana kwa timizere. Mukamva kukulira mobwerezabwereza, kulowa n'kutuluka, ndiye kuti china chikugwedera kapena magetsi akuchepa.

"Yakana, ndiye kuti yapsa"

Pano m'pamene pamafunika kuleza mtima, chifukwa pa zinthu zitatu, bowo, chingwe ndi fulashi, fulashi ndiyo imayamba kupatsidwa mlandu ngakhale kuti mnzake bowo ndiye amazunzika kwambiri. Taganizani za kompyuta ya pamalo a fotokope. Mabowo ake akutsogolo amalandira mafulashi a anthu tsiku lonse, ena akulowetsa mozondotsa n'kukakamiza. Kalilime kapulasitiki ka m'bowomo kamasweka, tizitsulo togwira timafooka. Komanso pa kompyuta ya patebulo mabowo akutsogolo amalumikizidwa ndi kachingwe kopyapyala ka mkati, kamene kangazuke kompyuta ikanyamulidwa panjinga m'misewu yathu ya mabampu. Mabowo akumbuyo ndi omatidwa pa bolodi lenileni. Ndi okhulupirika kwambiri, ndipo ndi amene muyenera kuyesera.

Lamulo la kayesedwe ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Chotsani chingwe chilichonse chimene chili pakati, lowetsani fulashi mwachindunji m'bowo lakumbuyo. Ikakana, ilekeni kaye, ndipo m'bowo lomwelo mulowetse chinthu chimene mukudziwa kuti chikugwira ntchito, monga mausi kapena fulashi ya mnzanu. Chinthucho chikagwira, bowo lapambana mlandu. Kenako tengani fulashi yanu mukaiyese pa kompyuta ina. Ikakana pa makompyuta awiri amene akulandira mafulashi ena, pamenepo m'pamene mungayambe kuikayikira. Munthu amene amasintha bowo, chingwe ndi kompyuta zonse nthawi imodzi angathe kuona fulashi yake itatseguka, koma sadziwa chimene chinalakwika, ndipo mawa vuto lomwelo limupezanso.

Pali kanthu kena kothandiza. Mabowo ndi mafulashi a USB 3.0, amene kawirikawiri amakhala ndi kalilime kabuluu, ali ndi timizere tisanu toonjezera pa tinayi tija. Timizere toonjezerato tikadetsedwa kapena kupindika, fulashi imatha kuvuta m'bowo labuluu koma n'kutseguka m'bowo lakale la USB 2.0, limene limangogwiritsa ntchito tinayi toyamba. Iyenda pang'onopang'ono, koma mafayilo anu muwakopera.

Za kuuzira mpweya

Pafupifupi aliyense amauzira. Chifukwa chake chilipo ndithu: kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la kuno limalowa paliponse, ndipo fulashi yopanda chivindikiro imene imagona m'thumba limodzi ndi makiyi imadzaza ulusi wa nsalu mpaka kulephera kulowa bwino. Koma mpweya wa m'kamwa umabwera ndi chinyezi, ndipo chinyezi chikakumana ndi fumbi pa tizitsulo, m'kupita kwa nthawi pamachita dzimbiri. Fulashi ikagwira mutauzira, nthawi zambiri chathandiza ndi kuizula ndi kuilowetsanso bwino. Walitsani tochi ya foni mkatimo muone. Ngati muli zinyalala, zichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena mswachi wouma. Bowo la kompyuta liyeretseni kompyutayo itazimitsidwa, ndipo musalowetsemo singano kapena waya, chifukwa chitsulo chikalumikiza mzere wa magetsi ndi unzake chingaononge bowolo. Fulashi imene yanyowa ndi mvula kapena yachapidwa limodzi ndi buluku, isiyeni iume masiku angapo musanaipatse magetsi. Zambiri zimapulumuka madzi. Chimene chimazipha ndi kuziyesa zisanaume.

"Chingwe ndi chingwe basi"

Fulashi siifuna chingwe, koma zingwe zimapezeka pakati kawirikawiri. Eni malo a fotokope amaika chingwe chotalikitsira patebulo kuti makasitomala asamapite kuseri kwa makina, ndipo ena amaika kabokosi kogawa bowo limodzi kukhala anayi. Bowo la USB 2.0 limapereka mamiliampeya 500, la USB 3.0 limapereka 900. Kabokosi kopanda magetsi akeake kamagawira zonse zolumikizidwa pa iko kuchokera pa mlingo womwewo. Mausi siidandaula chifukwa imadya pang'ono. Fulashi, makamaka pamene ikulemba, imadya kwambiri, ndipo hadi disiki ya m'manja imafuna magetsi ochuluka poyamba kuzungulira. Mukamva hadi disiki ikulira tiki-tiki osatseguka, yambani kukayikira magetsi ndi chingwe musanalire maliro a disiki.

Utali nawonso uli ndi malire. Muyezo wa USB 2.0 umalola chingwe chofika mamita 5, ndipo zingwe zotchipa zokhala ndi mawaya opyapyala zimayamba kutaya mphamvu zisanafike n'komwe pamenepo. Palinso zingwe za foni zimene zili ndi mawaya awiri a magetsi okha, opanda a uthenga. Zimachaja bwino, kunja zimaoneka chimodzimodzi ndi zinzake, koma kompyuta siidzaona foni yolumikizidwa nazo ngakhale mutayesa mabowo onse. Amene amalowetsa fulashi pa foni kudzera pa kachida ka OTG adziwenso kuti si foni iliyonse imene imatha zimenezi, ndipo pa mafoni ena muyenera kuyatsa kaye OTG m'masetingi.

"Ndi vayirasi"

Apa pali choona pang'ono, ndipo n'chifukwa chake chikhulupirirochi sichifa. Vayirasi ya mashotikati ndi yofala m'makompyuta amene amalandira mafulashi ambiri. Imabisa mafoda anu n'kuika zithunzi za mashotikati m'malo mwake. Koma onani kusiyana kwake: fulashi yogwidwa ndi vayirasi imeneyi imazindikiridwa, imapatsidwa chilembo chake, imatseguka. Chizindikiro chake n'chakuti kompyuta imanena kuti malo ambiri agwiritsidwa ntchito pamene inu simukuona mafayilo. Musadine mashotikatiwo. Ipimeni ndi antivayirasi, kenako tsegulani `cmd` ndipo, ngati fulashi ili pa chilembo E, lembani:

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Mafoda obisika aonekeranso. Koma ngati kompyuta siinalire n'komwe, kapena yalemba kuti `USB device not recognized` (pa makompyuta a Chipwitikizi, `Dispositivo USB não reconhecido`), vayirasi ya m'fulashimo si imene yachititsa. Uthenga umenewu umatuluka kompyuta isanawerenge fayilo ngakhale imodzi. Imakhala itafunsa fulashi kuti ndiwe chiyani, yankho n'kusabwera kapena n'kubwera losokonekera. Mukatsegula `devmgmt.msc` mupeza mzere wokhala ndi chizindikiro chachikasu, kawirikawiri wolembedwa `Unknown USB Device (Device Descriptor Request Failed)` ndi `Code 43`. Zoyambitsa zake ndi zomwe tanena zija: timizere takuda, chingwe choipa, magetsi ochepa, kapena kachipu koyendetsa fulashi kamene kaonongeka. Nthawi zina bowo limangokhala litasokonezeka, ndipo kuzimitsiratu kompyuta, kuzula chingwe cha magetsi kwa mphindi imodzi n'kuyatsanso kumathetsa vutolo.

Ndionjezere apa kuti makompyuta ena a m'maofesi anatsekedwa dala ndi oyang'anira kuti asalandire mafulashi. Mausi imagwira, fulashi iliyonse imakana. Pamenepo palibe chimene chaonongeka.

"Ingoifomatani, ikhala bwino"

Ichi ndicho chikhulupiriro chimene chimandipweteka mtima, chifukwa chimanenedwa ndi anthu ofuna kuthandiza, ndipo kompyuta yeniyeni imawavomereza potulutsa kabokosi kofunsa ngati mukufuna kufomata. Munthu wotanganidwa, amene ali ndi mzere wa makasitomala, amangodina. Fulashi imakhaladi bwino, koma ntchito ya mwiniwake ya miyezi yambiri siionekanso.

Titenge chitsanzo n'kuchitsata mpaka kumapeto. Mlembi wa gulu la alimi wachokera ku Domwe ndi fulashi ya magigabayiti 16, muli mndandanda wa amene anatenga feteleza pa ngongole, ndipo akufuna kuusindikiza pa Ulongwe. Ailowetsa pa chingwe cha patebulo, kanyali kayaka, kompyuta ili zii. Mwini malo akuti yapsa. Tisafulumire. Tichotsa chingwe, tiilowetsa kumbuyo. Tsopano kompyuta yalira kamodzi. Ndiye kuti chingwe chija kapena bowo lake linali ndi vuto, ndipo tatsimikiza polowetsa fulashi ina pa chingwecho, nayonso yakana. Koma nkhani siinathe, chifukwa pa mndandanda wa madisiki fulashi ya mlembiyo siikuoneka.

Apa m'pamene timatsegula chida chimene anthu ambiri sachidziwa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
diskmgmt.msc
```

Pazenera limene latseguka, m'munsi, disiki iliyonse ili ndi mzere wake. Tikuyang'ana imene kukula kwake kuli pafupi ndi kwa fulashi yathu. Fulashi ya 16 imaoneka ngati 14 ndi kanthu, ya 32 imaoneka ngati 29 ndi kanthu kapena kucheperapo pang'ono. Uku si kubedwa ayi, opanga ndi Windows amangowerenga gigabayiti mosiyana. Zimene tipeze pamzerepo ndi zimene zitiuze chochita, ndipo mawu ake ndiwapereka monga amalembedwera pa Windows ya Chingelezi.

Tikapeza kukula koyenera, kamzere kabuluu pamwamba, mawu akuti FAT32, exFAT kapena NTFS, koma popanda chilembo monga E kapena F, ndiye kuti mlembi wathu ali ndi mwayi. Fulashi ilibe vuto, yangosowa chilembo. Tidina ndi batani lakumanja la mausi, tisankha `Change Drive Letter and Paths`, tiipatsa chilembo chimene sichikugwiritsidwa ntchito, ndipo mafayilo onse aonekera pomwepo.

Tikapeza kukula koyenera koma palembedwa `RAW`, kapena pali kamzere kakuda ndi mawu akuti `Unallocated`, ndiye kuti chaonongeka ndi kaundula amene amauza kompyuta pamene fayilo iliyonse ili. Zili ngati nkhokwe yodzaza matumba a anthu osiyanasiyana imene buku lake la mayina latayika: chimanga chilimo, chasowa ndi cholozera. Izi zimachitika kawirikawiri fulashi ikazulidwa ikulemba, magetsi akathima ntchito ili pakati, kapena ikamalowa n'kutuluka pa chingwe chogwedera ngati chija. Kabokosi kofunsa za kufomata kamatuluka pa nthawi ngati imeneyi, ndipo yankho ndi kukana. Musalembemo kanthu kena kalikonse. Pali mapulogalamu awiri aulere olembedwa ndi Christophe Grenier wa ku Falansa, TestDisk ndi PhotoRec, amene amabwera pamodzi. Yoyamba imayesa kupezanso kaundula wotayikayo ndi kukopera mafayilo ndi mayina awo. Yachiwiri imafufuza fulashi yonse n'kutola mafayilo amene ikuwazindikira, ngakhale kuti mayina awo amatayika ndipo mlembi adzayenera kutsegula imodziimodzi kuti apeze mndandanda wake. Zonse zopulumutsidwa zisungidwe pa kompyuta, osati m'fulashi yomweyo. Zikatuluka ndipo zatsimikizidwa kuti zikutseguka, pamenepo fomatani.

Ngati wina wafomata kale, chiyembekezo sichinatheretu. Kufomata kwachangu kumangolemba kaundula watsopano wopanda kanthu, ndipo mafayilo akale amakhalabe mpaka atsopano atalembedwa pamwamba pawo. Kufomata kwathunthu, pa Windows zonse kuyambira Vista, kumalemba ziro ponseponse, ndipo pamenepo palibenso chotola.

Chachitatu chimene tingapeze ndi chowawa. Mzere ulipo, koma palembedwa `No Media`, kukula kwake palibe. Kachipu koyendetsa kakuyankha, koma sikakutha kufikira kachipu kosunga. Apa TestDisk siithandiza, kufomata sikutheka, ndipo ndalama zolipira munthu woti "aitsegule ndi pulogalamu" kawirikawiri zimangopita pachabe. Mapulogalamu amene amadzutsa fulashi yotere, akagwira n'komwe, amatero pofafaniza zonse. Chimodzi chokha chimene katswiri wapafupi angathandize ndi fulashi imene inapindika khosi, monga zimachitikira ikagundidwa ili pa laputopu. Ngati imagwira mukaikanikizira mbali ina, ndiye kuti pomatira papatuka. Koperani mafayilo nthawi yomweyo muli chigwirire, ndipo ikapanda kulola, munthu wokonza mafoni wodziwa kuotcherera angathe kumatanso malo anayi aja.

"Ikuyimba m'galimoto, ndiye kuti vuto ndi kompyuta"

Izi zimanenedwa mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri palibe chimene chafa. Mawailesi ambiri a m'galimoto ndi zokuzira mawu zotchipa zimawerenga FAT32 yokha. Fulashi zazikulu, za magigabayiti 64 kupita m'tsogolo, zambiri zimabwera ndi exFAT, imene Microsoft inatulutsa mu 2006, ndipo wailesi yakale siidziwa. Komanso FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa magigabayiti 4, n'chifukwa chake kanema wa ukwati amakana kulowa ngakhale malo alipo ambiri. Mbali inayo, fulashi imene inafomatidwa pa Mac kapena pa Linux ndi dongosolo lakelake, Windows siitha kuitsegula. Ibwezereni pa makina amene inachokera, mukopere zanu kaye.

"Yaikulu yotchipa ndi mwayi"

M'misika ya m'malire, kuno ndi tsidya la Dedza, monganso m'misika ya dziko lililonse, mumapezeka mafulashi abwino ndi achinyengo atasakanikirana. Yachinyengo imalembedwa 128 kunja, ndipo kachipu kake kanaphunzitsidwa kuuza kompyuta nambala yomweyo, pamene malo enieni ndi ochepa kwambiri. Masiku oyamba imagwira bwino chifukwa simunadutse malo enieniwo. Mukangodutsa, mafayilo atsopano amapita kosadziwika kapena amalembedwa pamwamba pa akale. Mayina amaonekabe pamndandanda koma mafayilo satseguka, ndipo pamapeto fulashi imasanduka `RAW`. Wogulitsa nayenso mwina sadziwa, anaoda mmene zinalili. Kufomata sikuikonza, kumangoyambitsanso bodza lomwelo, ndipo zimene zinalembedwa kupyola malo enieni palibe pulogalamu imene ingazibweze chifukwa sizinasungidwe n'komwe.

Njira yodziwira ndi kuiyesa ikadali yatsopano, musanaikemo kanthu kofunika. Pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw imadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zimene yalemba, ndipo imanena kuchuluka kwa malo amene abweza zolondola. Imatenga nthawi, pa fulashi yaikulu ngakhale maola angapo, choncho iyambitseni pa laputopu yodzaza batire kuti kuthima kwa magetsi kusasokoneze. Popanda pulogalamuyi, dzazani fulashi ndi makanema mpaka pafupi kutha, izuleni, ilowetseninso, ndipo mutsegule amene munayamba kukopera ndi amene munamalizira. Onse akasewera mpaka kumapeto, kukula kwake ndi koona.

Pa nkhani ya kuzula, anthu amagawanika. Ena amati kudina `Eject` n'kutaya nthawi, ndipo n'zoona kuti Windows 10 ndi 11 zamakono zimayesetsa kumaliza kulemba mwamsanga kuti fulashi izulidwe mosavuta. Koma chitetezo chimenecho chimagwira pokhapokha kulemba kutatha. Ngati chikalata chikadali chotsegula, kapena kanyali kakuphethira, kuzula kungaononge kaundula uja. Ndipo kompyuta ya pamalo a fotokope simudziwa mmene inakonzedwera, kapena kuti ndi Windows ya chaka chiti. Tsekani chikalata, dinani `Eject`, dikirani uthenga wakuti mungathe kuzula. Kompyuta ikakana n'kunena kuti fulashi ikugwiritsidwabe ntchito, tsekani mapulogalamu onse muyesenso, ndipo ikakanabe, zimitsani kompyuta kaye kenako muzule.